Katemera wa chikuku ndi kawiri basi, nanga wa fuluwenza bwanji chaka ndi chaka?

Achemwali anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Mwezi wa Okutobala ukafika, kuntchito kwawo amawakumbutsa kuti akabayitse katemera wa fuluwenza. Chaka china atatopa nazo anandifunsa pa foni: "Achimwene, ana anga ndinawabayitsa katemera wa chikuku ali ndi miyezi 9, ndinabwereza ali ndi miyezi 15, nkhani inathera pomwepo. Nanga uyuyu bwanji satha? Ndi katemera wosagwira, kapena alipo amene akudyerapo?"

Funsoli ndi lomveka, ndipo amene ali ku Joni amafunsanso chimodzimodzi ikafika Epulo. Yankho lake lili mu kachilombo komweko. Katemera wa chaka chatha anaphunzitsa thupi kuzindikira nkhope inayake ya kachilombo, koma pofika chaka chino nkhopeyo yasintha. Kusinthaku kuli mitundu iwiri, ndipo ngakhale akatswiri anaipatsa mayina omveka ngati apachibale, dirifiti ndi shifiti, machitidwe ake ndi osiyana kutalitali. Dirifiti ndi kusintha pang'onopang'ono, ndipo muno tikutchula kuti kusendera. Shifiti ndi kusintha kwakukulu kwa nthawi imodzi, kumene tikutchula kuti kudumpha.

Nkhope ya kachilombo

Tiyambe tasiyanitsa matenda, chifukwa mawu oti chimfine amatisokoneza. Chimfine wamba, cha mamina ndi kuyetsemula, chimayamba ndi tizilombo tamitundumitundu tosakhudzana ndi nkhani yathuyi. Fuluwenza ndi ina. Imagwetsa munthu mwadzidzidzi, thupi kutentha, mutu kuwawa, mafupa onse kuphwanya, ndipo kwa okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika imatha kusanduka chibayo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti chaka chilichonse anthu apakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira ndi mavuto a kupuma obwera ndi fuluwenza.

Kachilombo kake ndi kampira kakang'ono kozunguliridwa ndi timinga ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi hemagulutinini, umene amaufupikitsa ndi chilembo H. Timinga timeneti ntchito yake ndi kukakamira ku maselo a m'mphuno ndi pammero, monga chisoso chimakakamirira ku chitenje, kenako n'kutsegula njira yoti kachilombo kalowe. Mtundu wachiwiri ndi nyuraminidezi, chilembo chake N. Umenewu uli ngati lumo: tizilombo tatsopano tikapangidwa m'kati mwa selo, N ndiye amadula zomangira kuti tituluke tikagwire maselo ena. Mayina amene mumamva pa wailesi, monga H1N1 ndi H3N2, amangonena mtundu wa H ndi mtundu wa N umene kachilomboko kavala.

Munthu akadwala fuluwenza kapena akabayidwa katemera, thupi limapanga maantibodi, tinthu ta m'magazi timene timaumbidwa molingana ndi mawonekedwe a mdani mmodzi. Ambiri mwa maantibodi oteteza amalunjika pa mutu wa kaminga ka H. Akakwanira pamenepo ngati chivindikiro pa poto, kachilombo kamalephera kukakamira ku selo. Choncho chitetezo chathu ku fuluwenza chadalira kwambiri kanthu kamodzi kakang'ono, mawonekedwe a mutu wa H.

Kusendera: wokopera amene sabwerera m'mbuyo

Kachilombo kakalowa mu selo, kamakopera malangizo ake kambirimbiri kuti kapange ana. Malangizo a fuluwenza analembedwa pa chinthu chotchedwa RNA, ndipo onse pamodzi ndi zilembo pafupifupi 13,500. Maselo athu akamakopera malangizo awo amakhala ndi wochonga, amene amabwerera n'kukonza pamene palakwika. Makina okopera a fuluwenza alibe wochonga. Ali ngati mwana wa sukulu amene akukopera notsi kwa mnzake mothamanga belu lisanalire, wachitatu n'kukopera kwa iyeyo, wachinayi kwa wachitatu, popanda mphunzitsi woona makope. Munthu mmodzi wodwala amakhala ndi tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo pakati pawo pamakhala tambiri tosiyana ndi kholo lawo pa chilembo chimodzi kapena ziwiri.

Zolakwika zambiri zimapha kachilomboko kapena sizisintha kalikonse. Koma mwa apo ndi apo cholakwika chimagwera pa mutu wa H, pamalo penipeni pamene maantibodi amagwira. Kaminga ka H ndi puloteni, ndipo puloteni ili ngati mkanda wautali wopindidwapindidwa; H ali ndi timikanda toposa 500. Kamkanda kamodzi kakasintha pamalo oyenera, chivindikiro chija sichikwananso bwino.

Apa ndi pamene anthufe timalowererapo osadziwa. M'dera limene anthu ambiri anadwalapo fuluwenza ya chaka chatha, kachilombo ka nkhope yakale kamasowa kolowera, pamene ka nkhope yosinthako pang'ono kamapeza zitseko zotsegula. Kachilomboko sikaganiza ndipo sikachenjera ayi. Chitetezo chathu chomwecho ndiye sefa: chimatsekereza takale n'kulola tatsopano kudutsa, ndipo pakatha zaka zochepa totsala padziko lonse timakhala zidzukulu za kamene kanadutsa kaja.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi kuchepa kwa malo ofunika. Akatswiri atafufuza mmene H3N2 yasinthira kuyambira 1968, anapeza kuti kusintha kwakukulu kwa nkhope yake kunkachokera pa malo 7 okha mu mkanda wonsewo, onse ozungulira kadzenje kamene kachilombo kamagwirira selo. Amodzi mwa malowo ali pa nambala 159, ndipo tiwapezanso kutsogoloku.

Nanga chikuku? Kachilombo ka chikuku nakonso ndi ka RNA, ndipo nakonso kamalakwitsa pokopera. Kusiyana kwake n'koti timinga take tilibe mpata wosinthira. Malo amene maantibodi amagwira ndi omwewo amene kachilomboko kamafunikira kuti kalowe mu selo, ndipo maantibodi amakagwira malo angapo nthawi imodzi, moti kakati kasinthe mokwanira kuti kathawe, kamadzilumaza kokha. N'chifukwa chake katemera wochokera ku kachilombo ka chikuku kamene kanatengedwa kwa wodwala mu 1954 akugwirabe ntchito lero. Mutu wa H wa fuluwenza ndi wololera: kadzenje kapakati kamakhala momwemo, koma m'mphepete mwake mutha kusintha kambirimbiri kaminga n'kumagwirabe ntchito.

Si fuluwenza yonse imene imasendera pa liwiro limodzi. Yovutitsa anthu chaka ndi chaka ili mitundu iwiri, A ndi B, ndipo H1N1 ndi H3N2 zonse ndi za mtundu A. H3N2 ndiyo yothamanga, H1N1 ndi fuluwenza ya mtundu B zimayenda pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, kachilombo ka H1N1 kamene kanaikidwa mu katemera pambuyo pa mliri wa 2009 kanakhalamo osasinthidwa mpaka 2017. Ndiye si chaka chilichonse pamene zonse za mu katemera zimasinthidwa. Koma ngakhale zitapanda kusinthidwa, pali chifukwa chachiwiri chobayitsiranso: maantibodi obwera ndi katemera wa fuluwenza amayamba kuchepa pakatha miyezi ingapo, makamaka mwa okalamba.

Amene amasankha, ndi mmene amayezera

Kuyambira 1952, WHO ili ndi mgwirizano wa malabotale m'mayiko oposa 100 amene amatenga mamina a odwala chaka chonse n'kuona tizilombo timene tikuyenda. Kummwera kwa Africa kuno, imodzi mwa malabotalewa ndi ya NICD ku Johannesburg. Tizilombo tooneka tachilendo timatumizidwa ku malabotale akuluakulu ochepa, monga a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Kachilombo kalikonse kamapatsidwa dzina longa chiphaso. A/Texas/50/2012 ndi fuluwenza ya mtundu A, yopezeka ku Texas, ya nambala 50 pa labotaleyo, m'chaka cha 2012.

Kuti adziwe ngati kachilombo katsopano kasendera kutali, amagwiritsa ntchito fereti, kanyama kooneka ngati likongwe kamene kamadwala fuluwenza mofanana ndi munthu, mpaka kuyetsemula. Amakapatsira kachilombo ka mu katemera, n'kudikira masabata awiri kapena kuposerapo kuti kapange maantibodi, kenako amatenga madzi a magazi ake.

Muyeso wake ndi wooneka ndi maso. Mukaika maselo ofiira a magazi a nkhukundembo kapena a mbira m'kadzenje ka mbale ya mu labotale, amatsikira pansi n'kupanga kadontho kofiira. Mukathiramo kachilombo ka fuluwenza, timinga ta H timamata maselowo pamodzi ngati ukonde, ndipo kadontho sikaoneka. Mukathiramo maantibodi oyenera, amaphimba timinga, maselo n'kutsikanso, kadontho n'kubwerera. Tsono amasungunula madzi a magazi a fereti aja mowirikiza, gawo limodzi pa 10, pa 20, pa 40, pa 80, kumapitirira choncho, kuti aone pamene mphamvu yake ithere.

Tiyerekeze kuti madziwo akutsekerezabe kachilombo ka mu katemera ngakhale atasungunulidwa ka 1,280, koma pa kachilombo katsopano mphamvu ikuthera pa 160. Kugawa 1,280 ndi 160 kukutipatsa 8. Kutsika kwa ka 8 kapena kuposa pamenepo ndiko kumene akatswiri amakutenga ngati chizindikiro choti nkhope yasinthadi. Amawerenganso zilembo za RNA, ndipo amayesanso ndi magazi a anthu amene anabayidwa katemera, popeza fereti amene wakumana ndi fuluwenza kamodzi kokha sangafanane ndendende ndi munthu wa zaka 60 amene wakumana nayo moyo wake wonse.

Zonsezi zimapita ku misonkhano iwiri pa chaka. Mu Febuluwale amasankha tizilombo ta katemera wa mayiko a kumpoto, amene nyengo yawo yozizira imayamba cha mu Novembala. Mu Seputembala amasankha ta mayiko a kummwera, amene fuluwenza yawo imakula pakati pa chaka, nthawi ya chiperoni kwathu kuno.

Bwanji amasankha msanga chotere? Chifukwa katemera wambiri amapangidwabe m'mazira a nkhuku. Amatenga mazira oti ali ndi mwana m'kati, a masiku 9 mpaka 11, n'kubayamo kachilombo, kamaswana kwa masiku awiri kapena atatu, kenako amakolola madzi a m'dzira, n'kupha kachilomboko, kukayeretsa ndi kuyeza kuchuluka kwa H. Katemera wanthawi zonse amakhala ndi mamaikulogalamu 15, kamlingo kochepetsetsa, a H pa mtundu uliwonse wa kachilombo umene uli m'katemeramo. Kuchita zimenezi pa mazira mamiliyoni mazanamazana, kuyeza, kuthira m'mabotolo ndi kutumiza kumatenga pafupifupi miyezi 6. Ndiye msonkhano wa mu Febuluwale uli ngati mlimi wogula mbewu mu Okutobala, mvula asanaione. Amaonera zizindikiro, amakumbukira zaka zam'mbuyo, nthawi zambiri amalasa, koma chaka china mvula imadula mu Januwale.

Chaka chimene anaphonya: 2014

Mu Febuluwale 2014, msonkhano wa WHO unaona kuti tizilombo tambiri ta H3N2 timene tinkayenda tinkafanana ndi A/Texas/50/2012, kamene kanali kale mu katemera, ndipo anakasiya momwemo. Pa umboni umene unali pa tebulo tsikulo, chisankhocho chinali choyenera. Mafakitale anayamba kubaya mazira.

Kumapeto kwa Malichi, patangotha masabata ochepa, malabotale anayamba kuona tizilombo tochepa ta H3N2 timene maantibodi a fereti sankatigwira bwino. Tinali m'magulu awiri apachibale, amene anawatcha 3C.2a ndi 3C.3a, ndipo magulu onse awiri anali atasintha kamkanda ka pa nambala 159 kaja. Gulu la 3C.2a linawonjezera china. Kusintha kwa pa nambala 160, kumene amakulemba K160T, kunachititsa kuti pa mutu wa H pamere kachitsamba ka shuga kophimba malo amene maantibodi ankagwira, ngati munthu wavala chipewa chofika m'maso.

Pofika Seputembala tizilombo tatsopanoti tinali titachuluka mokwanira, moti msonkhano wa mayiko a kummwera unachotsa ka ku Texas n'kuikamo A/Switzerland/9715293/2013. Koma kwa mayiko a kumpoto madzi anali atatayika kale, katemera anali m'mabotolo, ena atabayidwa kale. Kumayambiriro kwa Disembala 2014, bungwe la CDC ku America linachenjeza madokotala kuti pafupifupi theka la tizilombo ta H3N2 timene linayeza tinali tosiyana ndi ka mu katemera, ndipo linawalimbikitsa kupereka msanga mankhwala olimbana ndi kachilomboka kwa odwala amene ali pachiopsezo. Pomwe nyengoyo inkatha, tosiyanato tinali titaposa 80 pa 100 tilitonse.

Zotsatira zake zinaoneka pa mawerengero. Chaka chimene katemera wagwirizana ndi kachilombo, amachepetsa mwayi wodwala mpaka kukaonana ndi dokotala ndi 40 mpaka 60 pa 100. M'nyengo ya 2014 mpaka 2015 ku America, nambalayi inali 19. Kunena kwina, pa anthu 100 amene akanadwala akanapanda kubayitsa, katemera anapulumutsa 19 okha, ndipo gawo lalikulu la chitetezo chimenecho linali pa fuluwenza ya mtundu B, osati pa H3N2. Ku England ndi Wales imfa za m'nyengo yozizira imeneyo zinakwera kuposa za nyengo iliyonse kuchokera 1999, ndipo fuluwenza pakati pa okalamba inatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Munthu atha kufunsa kuti bwanji osadikira pang'ono asanasankhe. Anayesapo. Mu 2019 WHO inachedwetsa chisankho cha H3N2 ndi mwezi wathunthu, mpaka mu Malichi, chifukwa gulu lina linali likukwera msanga. Koma sabata iliyonse yodikira ndi sabata yochotsedwa kwa mafakitale, ndipo katemera wolondola wofika fuluwenza itadutsa kale alibe phindu.

Nkhani ya 3C.2a sinathere mu 2014. Ataika kachilombo ka gulu limeneli mu katemera wa zaka zotsatira, panabuka vuto la mtundu wina, lochokera m'mazira momwemo. Kachilombo ka munthu sikakula bwino mu dzira la nkhuku, ndiye timene timachulukana m'menemo ndi timene tasintha kuti tizolowere dzira. Ka 3C.2a kataikidwa m'mazira kanataya kachitsamba ka shuga kaja. Anthu anaphunzitsidwa nkhope yopanda chipewa, pamene kachilombo koyenda m'misewu kanali kovala chipewa. Dzina pa botolo linali lolondola, koma zam'kati zinali zitasendera mu fakitale. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene masiku ano kuli akatemera ena okulitsidwa m'maselo a nyama kapena opangidwa popanda dzira n'komwe, ndipo WHO imatchula tizilombo tosiyana ta katemera wa m'mazira ndi ta katemera wa m'maselo.

Kudumpha: njinga ziwiri pansi pa mtengo umodzi

Zonse tanenazi ndi kusendera, kumene kumachitika chaka ndi chaka. Kudumpha kumachitika kamodzikamodzi pa moyo wa munthu, ndipo njira yake ndi ina.

Malangizo a fuluwenza sanalembedwe pa chingwe chimodzi. Ali m'zidutswa 8, chilichonse ndi ntchito yake: china cha H, china cha N, zina za makina okopera. Taganizirani wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango amene wamasula njinga ziwiri nthawi imodzi, zitsulo zonse n'kuziunjika pa saka limodzi. Pomanga atha kutulutsa njinga ya felemu ya uyu koma mahandulo ndi tcheni za uyo. Zimenezi n'zimene zimachitika tizilombo tiwiri tosiyana ta fuluwenza tikalowa mu selo imodzi. Ana otuluka amatola zidutswa mosakaniza, ndipo pa zidutswa 8 zochokera kwa makolo awiri pali njira 256 zoziphatikizira.

Kusakanizaku kumakhala koopsa chifukwa cha mbalame. Kwawo kwenikweni kwa fuluwenza ya mtundu A ndi mwa abakha, atsekwe ndi mbalame zina zam'madzi zakutchire, zimene zimasunga mitundu 16 ya H ndi 9 ya N, yambiri mwa iyo yoti anthu sanakumanepo nayo. Kachilombo ka mbalame nthawi zambiri sikafala mwa anthu, popeza H wake amakonda kogwira kamene kamapezeka m'matumbo a mbalame, kosiyana ndi ka m'mphuno mwathu. Nkhumba ili ndi kogwira ka mitundu yonse iwiri, n'chifukwa chake imatchulidwa kawirikawiri ngati malo osakanizirapo. Kachilombo kakatuluka ndi makina ozolowera munthu koma H wachilendo, pafupifupi munthu aliyense padziko amakhala wopanda chivindikiro chokwana. Umenewo ndiye mliri. Fuluwenza ya mtundu B ilibe nkhokwe yotere mwa nyama, ndiye imangosendera, sidumpha.

Mliri wa 1918, wa H1N1, umene unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni ndipo unafika ku Nyasaland kumapeto kwa chaka chomwecho, unachitika kachilombo ka fuluwenza kasanadziwike n'komwe. Miliri yotsatira ndi imene akatswiri anatha kuimasula chidutswa ndi chidutswa. Mu 1957, H1N1 ya anthu inatola zidutswa zitatu kwa kachilombo ka mbalame, kuphatikizapo H ndi N, ndipo panabadwa H2N2. Mu 1968 H2N2 inatolanso zidutswa ziwiri kwa mbalame, chimodzi mwa izo cha H, koma inasunga N wake wakale, n'kukhala H3N2 imene inayamba kudziwika ku Hong Kong. H3N2 yomweyo ndi imene yakhala ikusendera mpaka lero. Ka ku Texas ndi ka ku Switzerland taja ndi zidzukulu zake. H2N2 inazimiririka mwa anthu chaka chomwecho, kutanthauza kuti aliyense wobadwa pambuyo pa 1968 sanakumanepo ndi H2.

Wa 2009 ambiri tikuukumbukira, umene anthu ankautcha chimfine cha nkhumba. Kachilombo kake kanatulukira ku Mexico, ndipo kanali njinga yomangidwa kangapo: zidutswa zitatu za fuluwenza yakale ya nkhumba za ku America, ziwiri zochokera kwa mbalame, chimodzi cha H3N2 ya anthu, ndi ziwiri za nkhumba za ku Ulaya ndi Asia. WHO inalengeza mliri pa 11 Juni 2009. Dzina lake linali H1N1, lofanana ndi la fuluwenza imene inkayenda kale mwa anthu, koma H wake anali atakhala mwa nkhumba zaka zambirimbiri osasintha kwenikweni, pamene wa anthu anali atasendera kutali. Zotsatira zake zinali zachilendo: ana ndi achinyamata ndiwo anadwala kwambiri, pamene agogo ambiri obadwa isanafike 1950 anali ndi chitetezo china, chotsalira kuchokera ku H1N1 imene anakumana nayo ali ana. Katemera wa chaka chimenecho sanathandize pa kachilombo katsopanoka. Anachita kupanga wina wapadera, amene anayamba kupezeka cha mu Okutobala, mliri utayenda kale miyezi ingapo.

Kusakaniza komweku anthu amakugwiritsanso ntchito mwadala. Kuti kachilombo kosankhidwa mu Febuluwale kakule bwino m'mazira, amakaika mu dzira limodzi ndi kachilombo kakale ka mu labotale kotchedwa A/Puerto Rico/8/34, kamene kanazolowera mazira kalekale, kenako amasankha mwana amene watenga H ndi N kwa katsopano, zam'kati kwa kakale. Katemera amene achemwali anga amabayitsa ndi mwana wa kudumpha kochitikira mu labotale.

Ndiye mukamva za H5N1, fuluwenza ya mbalame imene inapha anthu 6 mwa 18 amene anadwala ku Hong Kong mu 1997, ndipo mu 2024 inapezeka mu ng'ombe za mkaka ku America, dziwani chimene akatswiri akuyang'anira. Kachilomboka kamagwira munthu amene wakhudzana kwambiri ndi nyama yodwala, koma sikanaphunzire kuyenda mosavuta kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu. Katemera wa chaka ndi chaka sanapangidwire H5. Komabe mayiko ena amalimbikitsa ogwira ntchito m'makola a nkhuku kuti azibayitsa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi saka lija: kuchepetsa mwayi woti fuluwenza ya anthu ndi ya mbalame zikumane mu selo imodzi.

Zimene zili mu botolo chaka chino

Kwa zaka zingapo katemera ambiri anali ndi tizilombo 4: H1N1, H3N2 ndi mabanja awiri a mtundu B, la Victoria ndi la Yamagata. Kuyambira Malichi 2020, nthawi imene maulendo anaima ndipo anthu anavala zotchinga pakamwa chifukwa cha Kovidi, banja la Yamagata silinapezekenso likuyenda kulikonse padziko. Mu Seputembala 2023 WHO inalangiza kuti lichotsedwe, ndipo mayiko ambiri abwerera ku katemera wa tizilombo 3.

Ofufuza akufunafuna katemera amene angalunjike pa tsinde la kaminga ka H m'malo mwa mutu, popeza tsinde silisintha kwambiri, koma thupi mwachibadwa limathamangira ku mutu, ndipo katemera wotero sanafike pa msika.

Achemwali anga anali ndi funso lina lomaliza, loti ngati anabayitsa mu Okutobala ku Britain, ndipo akubwera kumudzi mu Juni kudzera ku Johannesburg, ndi otetezedwa kapena ayi. Pofika Juni pakhala patatha miyezi 8, maantibodi atatsika, ndipo adzafika ku South Africa pakati pa nyengo ya fuluwenza. Katemera amene adzakhale m'mafamase kumeneko ndi wosankhidwa mu Seputembala, miyezi 7 pambuyo pa msonkhano umene unasankha wawo. Chaka china awiriwa amakhala ofanana, chaka china, monga 2015, amasiyana pa H3N2. Ndinawauza kuti asunge kapepala ka m'bokosi la katemera wawo, pamene pamalembedwa mayina atatu aja ndi zaka zake, akakafananitse ndi ka ku Joni pamodzi ndi namwino.